Mtswatswa wa jekete pa kamaikolofoni kapachifuwa

Pakompyuta yanga pali mphindi 42 za mawu a mayi wina wachikulire amene anagwira ntchito ya uzamba moyo wawo wonse. Mwa mphindi zonsezo, zimene ndikanatha kugwiritsa ntchito sizinakwane 10. Chithunzi chinatuluka chokongola, mayiwo analankhula momasuka, koma pansi pa mawu awo panali khwe-khwe, tswa-tswa, ndipo apo ndi apo mkokomo wakuya wa mphepo umene unkameza mawu onse kwa kamphindi. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'choti phokosolo linakula kwambiri pamalo pamene nkhani yawo inafika pamtima. Akukamba za usiku umene anataya mayi ndi mwana yemwe m'manja mwawo, anadzigwira pachifuwa, anaweramira kutsogolo, mapewa akunjenjemera. Munthu akakhudzidwa ndi zimene akunena thupi lake silikhala chete, ndipo kamaikolofoni kamene ndinawapanira pajekete kanamva kusuntha kulikonse.

Kamaikolofoni kameneka, kamene ojambula mafilimu amati lavaliya, n'kaja kakang'ono ngati nsonga ya chala kamene mumakaona pachifuwa cha owerenga nkhani pa wailesi yakanema. Tsiku limenelo ndinakapanira pakolala ya jekete la nayiloni, chingwe n'kungochisiya chikulendewera mpaka pa tiransimita, kachida kotumiza mawu ku lekoda popanda chingwe, imene inali m'thumba mwawo. Ndinavala mahedifoni, ndinawapempha kuti atchule dzina lawo, mawu anamveka bwino, ndipo ndinavula mahedifoniwo chifukwa ndinkafuna kuti tizicheza ngati anthu, osati iwo azilankhula ndi munthu wotseka makutu. Cholinga chinali chabwino, koma munthu amene akutchula dzina lake amakhala ataima njo, wosasuntha ngakhale phewa. Ndinayesa mawu pa nthawi yokhayo imene jekete linali chete.

Ndinatenga nthawi kuti ndizindikire kuti mtswatswa wa zovala uli mitundu iwiri, ndipo mankhwala a mtundu umodzi sachiza unzake.

Mtundu woyamba ndi wa kukhudza. M'kati mwa mutu wa maikolofoni muli kachikopa kopyapyala kwambiri kamene kamanjenjemera mawu akakafika. Kachikopako sikasiyanitsa kunjenjemera kobwera ndi mpweya ndi kunjenjemera kobwera kudzera mu thupi la maikolofoniyo. Nsalu ikakhula mutu wa maikolofoni, phokoso limalowa mwachindunji, lamphamvu kuposa mawu a munthu. Zimenezo ambiri amazidziwa. Chimene ambiri sachiganizira n'chingwe. Kumbukirani lamya ya ana ya zitini ziwiri zolumikizidwa ndi ulusi: ulusi ukakhala wokungika, ukaukanda pakati, wa kuchitini amamva ngati ukumukanda m'khutu. Chingwe cha lavaliya chimachita chimodzimodzi. Nsalu ikachikhula pamimba, kutali ndi mutu wa maikolofoni, kunjenjemerako kumakwera ndi chingwe mpaka pakachikopa kaja. Phokoso la mtundu uwu limamveka pafupi zedi, lolemera, nthawi zina ndi kugunda kwa gu-gu ngati wina akugogoda khutu lanu ndi chala.

Mtundu wachiwiri ndi wa mumpweya. Apa maikolofoni sinakhudzidwe ndi chilichonse, chingwenso chili bwinobwino, koma chovalacho pachokha chikulira: mkono wa jekete ukukhulana ndi m'mbali mwake, kolala youma ikukhula khosi, nsalu yam'kati ikutsetsereka pa malaya. Maikolofoni ikungomva phokoso lenileni limene lili pafupi nayo, monga mmene inunso mungalimvere mutaika khutu pachifuwa cha munthuyo. Limamveka lopepuka, la tswa-tswa, lotalikirako pang'ono.

Kusiyanitsa mitundu iwiriyi n'kosavuta ngati muli ndi mahedifoni kumutu. Chotsani maikolofoni pachovala, muigwire m'malere patsogolo pa chifuwa cha munthuyo osakhudza nsalu, chingwe chikhalenso kutali ndi thupi lake, kenako mumupemphe kuti asunthe manja ndi mapewa. Mtswatswa ukatha, vuto linali la kukhudza, ndipo mungalithetse ndi tepi komanso kamangidwe kabwino ka chingwe. Ukapitirira, ndiye kuti chovalacho n'chimene chikulankhula, ndipo ngakhale mutamata tepi yonse ili m'chikwama chanu simupindula kanthu. Pamenepo mumasintha chovala, kapena mumachigwira kuti chisasunthe, kapena mumasendeza maikolofoni kufupi ndi pakamwa. Ndaonapo anthu akutha theka la ola akumata ndi kumatula tepi pa jekete limene vuto lake linali m'khwapa.

Jekete la mayi aja linali ndi mavuto onse awiri, mphepo n'kukhala lachitatu.

Patatha sabata ndinawaimbira lamya n'kuwauza zoona. Anandimvera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Bwera mwanawe, koma za usiku uja sindikudziwa ngati ndingazinenenso mmene ndinazinenera." Ndinabwerera, ndipo zimene ndinachita tsiku lachiwirilo n'zimene ndimachita pafupifupi paliponse tsopano.

Choyamba ndinayang'ana zimene avala ndisanatulutse chida chilichonse. Thonje ndi ubweya wofewa sizivuta. Nayiloni, poliyesitala, siliki, majekete a mvula, ndi malaya oumitsidwa ndi sitachi ndiwo amalira. Mayiwo anavala jekete lomwe lija pamwamba pa bulauzi ya thonje ya mabatani. Kunja kunkazizira, ndipo sindikanauza munthu wamkulu kuti avule chofunda chifukwa cha maikolofoni yanga. Ndinangopempha kuti atsitse zipi mpaka pamimba. Pakati panatseguka mpata wooneka bulauzi, ndipo pamenepo m'pamene ndinapanira maikolofoni, pamzere wa mabatani, pomwe nsalu ndi yopindidwa kawiri ndipo ndi yolimba moti chopanira sichipendekeka. Mbali ziwiri za jekete ndinazimata ku bulauzi ndi tizidutswa ta tepi yomata mbali zonse, kamodzi kumanja kamodzi kumanzere, kuti akaweramira kutsogolo jekete lisatsekeke n'kukakhula maikolofoni. Anavalanso mkanda wautali umene ukanamagunda chopanira, ndipo anavomera kuulowetsa m'kati mwa bulauzi.

Malo ake ndi pakati pa chifuwa, pafupa lija la pakati, masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa. Njira yachidule yoyezera n'kutambasula dzanja, chala chachikulu pachibwano, chaching'ono pachifuwa. Mukakweza kwambiri mpaka pansi pa chibwano, mawu amagwa mumthunzi wa chibwanocho n'kumveka ngati munthu akulankhulira m'bulangeti, komanso akangotembenuza mutu pang'ono mphamvu ya mawu imasintha kwambiri. Mukatsitsa kwambiri mumataya mawu, chifukwa mtunda ukawirikiza kawiri mawu amatsika ndi madesibelo pafupifupi 6, madesibelo kapena dB pokhala muyeso wa mphamvu ya mawu, ndipo mukawakwezanso pa lekoda mumakweza pamodzi ndi mtswatswa, mphepo ndi galimoto zodutsa. Tsiku loyamba lija kolala ya jekete inagwera chakuphewa, maikolofoni n'kukhala pafupifupi masentimita 25 kuchokera pakamwa. Kuibweretsa pa 15 kunawonjezera mawu ndi madesibelo oposa 4 pang'ono, pamene kulira kwa manja a jekete kunatsala pomwe kunali. Sikunathe, koma kunabwerera kumbuyo kwa mawu, malo amene khutu la womvera limakukhululukira.

Tsopano chingwe, chimene ndimati ndicho theka la ntchito yonse. Ndinapempha mayiwo kuti alowetse okha pulagi kuchokera kukhosi kwa bulauzi, aitsitsire m'kati mpaka itulukire m'chiuno. Sindilowetsa dzanja langa m'zovala za munthu, kaya ndi mayi kaya ndi bambo. Ndimafotokoza, ndimapereka chingwe, ndimatembenuka, ndipo ngati pakufunika kumata tepi m'kati ndimaonetsa pa malaya anga kuti iwo achite pa awo, kapena wachibale awathandize. Munthu amene wagwidwa mosayembekezera sakhala womasuka m'mphindi zotsatira, ndipo zimenezo zimamvekanso m'mawu ake.

Pamutu pa maikolofoni ndimapanga kalupu. Chingwe chikatuluka pansi pa mutuwo chimatsika pang'ono, n'kukhota ngati chilembo cha U, n'kukweranso kulowa kuseri kwa nsalu, ndipo kuseriko mano a chopanira amachiluma pamodzi ndi nsaluyo chisanatsikire m'kati mwa chovala. Ntchito ya kalupuko ndi kudula lamya ya zitini ija. Kunjenjemera kokwera ndi chingwe kumafika pamano a chopanira n'kuthera pomwepo, ndipo chotsala chimatayika m'kalupu kofewa kamene sikakungika. Pansi pake, pafupifupi masentimita 10, chingwe chimamatidwa kum'kati kwa chovala ndi pulasitala wa kuchipatala, pakati pa chopanira ndi pulasitalayo n'kusiya kolendewera pang'ono. Kufupi ndi tiransimita ndimasiyanso chingwe chokwanira kuti munthu akhale pansi, aimirire, atembenuke, popanda kukoka chilichonse. Chingwe chokungika chimabwera ndi mavuto awiri: chimanyamula phokoso bwino kwambiri, ndipo munthu akadziwongola chimakoka maikolofoni n'kuipendeketsa. Mukamaliza, kandani chingwecho ndi chikhadabo cham'munsi, mahedifoni ali kumutu. Mukamva kukandako momveka, kalupu kanu sikakugwira ntchito, bwerezani.

Anthu ambiri amafuna kubisa maikolofoni pansi pa chovala kuti isaoneke. Pa sewero, pamene woonera sayenera kukumbukira kuti pali kamera, n'zomveka. Pa kucheza ndi munthu amene akuyang'ana wofunsa mafunso, ine sindiona chifukwa. Palibe woonera amene anasiya kumvera nkhani chifukwa choona kadontho kakuda pa bulauzi, koma ambiri amasiya chifukwa cha khwe-khwe. Kubisa kumaika mutu wa maikolofoni pakati pa nsalu ndi khungu, malo amene zinthu ziwiri zimatsetserekana nthawi zonse, ndipo nsalu imadya mawu akuthwa moti munthu amamveka wotsekeka. Ngati mwakakamizidwa kubisa, lamulo lake ndi limodzi: maikolofoni ndi nsalu yoizungulira ziziyenda pamodzi ngati chinthu chimodzi. Mumakulunga mutuwo ndi kansalu kofewa komata kaja kamene anthu amaika pa matuza a kumapazi, kukamwa kwa maikolofoni n'kusiya poyera, kenako mumamata mbali imodzi kuchifuwa kapena ku chovala cham'kati, mbali ina ku malaya apamwamba. Pa malaya a mabatani, malo abwino ndi m'kati mwa mzere wa mabatani, kukamwa kwa maikolofoni kukusuzumira pampata wa pakati pa mabatani awiri. Samalani ndi cheya cha pachifuwa ndi ndevu zazitali, zimakanda kuposa nsalu, ndiponso thukuta limamatula tepi pang'onopang'ono moti zimene zinali bwino poyamba zimayamba kulira pakatha mphindi 20.

Mphepo ndi nkhani ina. Mkokomo umene timaumva m'mahedifoni si kulira kwa mphepo kumene timamva ndi makutu m'mitengo. Ndi mpweya wovunduka ukukankha kachikopa kaja mwachindunji, ndipo kukankha kumeneko n'kwamphamvu kwambiri poyerekeza ndi kunjenjemera kochepa kumene mawu a munthu amabweretsa. N'chifukwa chake kamphepo kayaziyazi kamene simukukamva n'komwe pankhope kamatha kuwononga chiganizo chathunthu. Mphamvu yake yambiri ili pansi, pa mawu akuya. Chizindikiro chake pa lekoda n'choti mita yoonetsa mphamvu ya mawu imadumpha pamene munthu ali chete.

Kasiponji kamene kamabwera ndi maikolofoni ndi ka m'nyumba. Kamathandiza pa mpweya wa pakamwa ndi m'mphuno, kapena pamene munthu akuyenda pang'onopang'ono m'chipinda. Tsiku loyamba ndinadalira kameneko panja, ndipo sikanakwanitse. Panja pamafunika kachipewa ka ubweya. Ubweyawo umafooketsa mphepo pang'onopang'ono isanafike m'kati, n'kusiya kampweya kodekha mozungulira mutu wa maikolofoni, pamene mawu amadutsa atangotaya pang'ono kuthwa kwake. Kuti ugwire ntchito uyenera kukhala wotukuka. Ukapanikizika pansi pa jekete, kapena ukanyowa n'kugwirana, mphamvu yake yambiri yatha. Ine ndimayenda ndi kamswachi kakale kowupesera. Tizipewa tina timapangidwa kuti tivalidwe pamwamba pa siponji kapena pa kachivindikiro kachitsulo, ndiye onani kuti kanu n'kotani, chifukwa kakakhala kokhwepa kamazungulira pamutu wa maikolofoni n'kubweretsa mtswatswa wakewake.

Koma chotchinga mphepo chachikulu kuposa zonse ndi thupi la munthu amene mukucheza nayeyo. Maikolofoni ili pachifuwa, ndiye mphepo ikamaomba kumsana, chifuwa chimakhala pamalo obisika. Tsiku lachiwirilo ndinaponya kaudzu kouma m'mwamba kuti ndione kumene mphepo ikuchokera, kenako ndinatembenuza mpando wa mayiwo kuti aifulatire, n'kuusendezanso kufupi ndi khoma la nyumba, koma osati pakona, chifukwa pakona mphepo imazungulira n'kubwera kuchokera mbali zonse. Kutembenuza mpandoko kunasintha kuwala pankhope pawo, ndipo chithunzi sichinakongole ngati cha tsiku loyamba. Ndinavomera. Chithunzi chochepa kukongola woonera amachizolowera m'masekondi ochepa, koma mawu ovuta kumva amamutopetsa mpaka kumapeto.

Pa tiransimita kapena pa lekoda pamakhala chosefera mawu akuya, nthawi zambiri cholembedwa Low Cut. Ndimachiika pa 80 Hz, Hz pokhala muyeso wa kuya kapena kukwera kwa mawu: nambala ikachepa, ndiye kuti mawuwo ndi akuya. Mawu a amuna ambiri amayambira cha pa 85 Hz kupita m'mwamba, a amayi cha pa 165 Hz, choncho kudula pa 80 kumachotsa gawo la mkokomo popanda kukhudza munthu. Pa mayi aja ndinakweza mpaka 120 Hz chifukwa mawu awo anali ndi mpata, koma pa bambo wa mawu akuya pamenepo mumayamba kuwachotsera thupi la mawu awo. Ndi bwino kusefa pachiyambi penipeni, pa tiransimita, kusiyana n'kudikira kukasefa pakompyuta. Chifukwa chake n'chakuti mphepo yamphamvu ikadzaza chida mpaka kusefukira, mawu amaphwanyika nthawi yomweyo, ndipo kuphwanyikako kumamwazikira paliponse, m'mwamba ndi pansi, moti palibenso chosefera chingakuchotse. Ngakhale pamene sanaphwanyike, chida choletsa kusefukira, cholembedwa Limiter, chikamva mphepo chimatsitsa zonse pamodzi, ndipo mumamva mawu a munthu akumira n'kuyandamanso nthawi iliyonse mphepo ikaomba. N'zimene zinachitika m'mphindi zanga 42. Ngati chida chanu chili ndi zoti chizikweza ndi kutsitsa mawu chokha, zimene zimalembedwa Auto kapena AGC, zimitsani: munthu akangokhala chete chimakweza chilichonse chimene chatsala, ndipo chotsalacho ndi jekete ndi mphepo. Ikani nokha mphamvu ya mawu kuti polankhula mokweza mita izifika cha pa -12 dB, musiye mpata wa kuseka kapena kulira.

Musadzinamize kuti mtswatswa mukauchotsa pokonza. Mkokomo wochepa wa mphepo umachoka ndithu chifukwa uli pansi pa mawu. Koma mtswatswa wa nsalu umakhala m'mwamba, malo omwewo amene muli s, f, ts ndi ch za munthu, zilembo zimene zimatithandiza kusiyanitsa liwu ndi linzake. Mukaudula mumadulanso zimenezo. Ukagwa pakati pa ziganizo mungaudule n'kuikapo phokoso lachete la pamalopo, n'chifukwa chake pomaliza ndimapempha aliyense kuti akhale chete kwa masekondi 30 lekoda ikuyenda. Ukagwa pamwamba pa liwu, mapulogalamu okonzera mawu amauchepetsa, koma nthawi zambiri amasiya munthu akumveka ngati ali pansi pa madzi.

Tsiku lachiwirilo tisanayambe, ndinayesa mawu mwa njira ina. Sindinawafunse dzina. Ndinati, "Amayi, tandionetsani ndi manja mmene munkanyamulira mwana wongobadwa kumene kumupereka kwa mayi ake." Anatambasula manja, anaweramira kutsogolo, anatembenukira kumanzere, akufotokoza. Ndinamva kugunda kamodzi: kachitsulo kokokera zipi kankamenya batani. Ndinakamata ndi kachidutswa ka tepi. Ndinawapempha kuti apinde manja pachifuwa, aseke, ayang'ane pansi. Poyang'ana pansi mpweya wa m'mphuno unkagwera pa maikolofoni, koma ubweya unaugwira. M'nyumba, popanda ubweya, vuto limenelo limatha mukazondotsa maikolofoni kuti iyang'ane pansi, pakuti malavaliya ambiri amamva mbali zonse mofanana ndipo mawu sasintha kwenikweni.

Ndinawauzanso chinthu chimodzi chokha, kuti dzanja likafuna kupita pachifuwa lipite chakumanzere, pamtima, osati pakati. Sindinawauze kuti asasunthe. Munthu amene wauzidwa kuti asasunthe amalankhula ngati ali kukhoti.

Mahedifoni sindinavule. Ndinagwiritsa ntchito kam'khutu kamodzi, chingwe chake n'kuchidutsitsa kumsana, khutu linalo n'kulisiya lotsegula kuti ndiziwamva ngati munthu. Pa mphindi ya 18 mphepo inatembenuka n'kuomba kawiri kuchokera kumbali, pakati pa chiganizo. Ndinadikira amalize ganizo lawo, ndinati, "Pepani amayi, mphepo yatilanda mawu aja onena za nyali, tabwerezani kuyambira pamene munalowa m'chipinda." Anabwereza. Kudula munthu pakati pa nkhani yowawa sindichita, koma kudikira mpaka kumapeto kwa zonse n'kulakwanso, chifukwa pofika pamenepo mtima wa chiganizocho wapita ndipo chobwerezacho sichilumikizana ndi zoyandikana nazo.

Za usiku uja anazinenanso. Anazinena mwachidule kuposa poyamba, modekha, osanjenjemera, ndipo dzanja linapita kumanzere monga tinapanganirana. Liwu lililonse likumveka, mpaka mpweya umene anakoka asanatchule mwanayo. Kumbuyo kwake, mukamvetsera ndi mahedifoni abwino, mkono wa jekete ukulira pang'ono kawiri kapena katatu. Mufilimu ndinagwiritsa ntchito za tsiku lachiwirilo, ndipo kuchokera ku tsiku loyamba ndinatengako chiganizo chimodzi chokha cha masekondi 7, chimene anachinena atakhala phee, mphepo itadukiza.